Ngongole ya feteleza: ndinatenga 50,000 koma juru anawerengera pa 54,000

Ndikuwapatsa nyenyezi ziwiri pa zisanu anthu a ngongolewa, ndipo ziwirizo ndi za kufulumira basi chifukwa ndalama inalowa pa M-Pesa patangotha masiku atatu. Dzina lawo sinditchula, ndi kaofesi kena ka ngongole zing'onozing'ono ku Ulongwe kuno ku Angonia. Ndamaliza kubweza mwezi wathawu ndiye ndikulemba poti ndaziona ndekha.

Ine ndimalima mbatata ya kachewere ndipo ndinkafuna mametikali 50,000 a feteleza, mbewu ndi mankhwala opopera. Mnyamata wa pa tebulo anandilandira bwino ndithu, amvekere "mayi musadandaule, juru yathu ndi 4 pa 100 pa mwezi, miyezi 6 mwamaliza." Ndinawerengera mumtima kuti 4 pa 100 ya 50,000 ndi 2,000 pa mwezi, miyezi 6 ndi 12,000, ndiye ndibweza 62,000 yonse. Ndinasaina ndithu mapepala atatu achipwitikizi aja osawerenga bwinobwino, mphwayi zanga zomwe.

Tsiku lolipira koyamba ndinanyamula 10,400 poganiza kuti ikwana ndi chenji chomwe, akundiuza kuti ndi 11,160. Ndinati pepani achimwene mwina mwasokoneza ndi munthu wina, iye kutulutsa kontarakiti ija nkuloza ndi cholembera pamzere wa ndalama yomwe ndakongola, palembedwa 54,000. Ine 54,000 sindinaigwirepo m'manja! Ndi pomwe anafotokoza kuti pali komisau yokonzera mapepala 5 pa 100 yomwe ndi 2,500, kenako seguru 3 pa 100 yomwe ndi 1,500, ija amati ukamwalira ngongole isagwere ana. Zonse 4,000, ndipo mmalo moti andiuze ndilipire pompo anangoziunjika pamwamba pa ngongole.

Apa ndi pomwe pali nkhani. Akaika 4,000 ija mkati mwa ngongole nayonso imayamba kubereka ngati ndalama yomwe wakongola. Juru sanawerengere pa 50,000 yomwe ndinagulira feteleza koma pa 54,000, ndiye pa mwezi inali 2,160 osati 2,000. Ka 160 kowonjezerako kamaoneka kochepa koma miyezi 6 ndi 960, chiwongola dzanja cha ndalama yomwe sinatuluke nkomwe mu ofesi mwawo. Ndiye kuti komisau ndi seguru za 4,000 zija ine zandidyera 4,960.

Mwana wanga wamkulu anakhala nane pakhonde ndi kakyuleta ya pa foni kuti tione bwino. Ndabweza 11,160 ka 6, ndiyo 66,960. Kuchotsapo 50,000 yomwe ndinalandiradi kwatsala 16,960, imeneyo ndiye mtengo weniweni wa ngongoleyi. Kuigawa pa miyezi 6 ikubwera pafupifupi 2,827 pa mwezi, zomwe pa 50,000 ndi kuposa 5 ndi theka pa 100. Nanga 4 ija ili kuti? Ndipo apa sitinawerengere zoti juru yawo siitsika, mwezi womaliza ndinali nditabweza kale gawo lalikulu koma ankadulabe 2,160 yomweyo ngati ndikadali ndi 54,000 yonse.

Seguru payokha sindikuida ayi, ndinaonapo banja lina akulitengera mbuzi bambo atamwalira ndi ngongole. Chondiwawa ndi choti sanandipatse mpata wosankha. Tsiku losainalo ndinali ndi ndalama ya nyemba zomwe ndinagulitsa, 4,000 ndikanalipira pamanja ndipo 960 ija ikanatsala kwanga. Nditafunsa pambuyo pake akuti "mukanatiuza mayi", ndikanawauza bwanji chinthu chomwe sananditchulire?

Mwezi wachinayi mbatata itagulidwa bwino ndinapita kuti ndingotseka zonse nthawi imodzi mwina andichotsereko. Anati komisau siibwerera chifukwa ntchito ya mapepala inagwirika kale, za seguru ya miyezi iwiri yotsalayo akuti ndilembe kalata kwa abwana, ndinangozisiya nkumalipira mwezi ndi mwezi.

Amene mukufuna kukatenga kumeneko kapena kwina kulikonse, musanasaine yang'anani manambala awiri, ndalama yomwe ilowe pafoni panu ndi ndalama yomwe yalembedwa kuti mwakongola. Zikasiyana ndiye kuti pali zomwe aunjikamo, funsani ngati mungalipire zimenezo padera pamanja. Kenako muwauze akulembereni papepala ndalama ya pa mwezi nkuchulukitsa nokha ndi miyezi yake. Ine chaka chino ndikapitanso kukafunsa chifukwa feteleza sadikira munthu, koma 4,000 yawo ndikaitenga m'chikwama, akakana kulandira pamanja ndibwerera.