Posita imodzi kapena ziwiri, kuti nambala ya foni isabisike

Mayi ena ogulitsa kachewere pa Lizulu anandipempha posita yosavuta: chithunzi cha matumba, mtengo wa ndowa ndi nambala ya foni. Ndinaipanga yaitali, ya mapikiselo 1080 x 1920, nambala n'kuiika pansi penipeni monga timachitira pa chikwangwani. Mwana wawo ataiika pa Reels, timavidiyo tija tatifupi ta pa Facebook ndi Instagram, dzina la akaunti ndi mawu ofotokozera zinakhala pamwamba pa nambalayo. Kachewere ankaoneka bwinobwino, koma woimba analibe poyambira. Kulakwa kunali kwanga, ndipo kuyambira pamenepo ndayesa njira zitatu zokonzera posita kuti ikwane m'masaizi osiyanasiyana.

Yoyamba ndi imene ambirife timathamangira: kutenga posita yomweyo n'kuikwanitsa mu saizi ina. Mukaikoka kuti idzaze, nkhope zimatalika, zilembo zimaonda. Mukangoichepetsa kuti ilowe yonse, m'mbali mumatsala mipata, ndipo posita yaitali ikalowa m'bokosi la 1080 x 1080 imatsala ndi mapikiselo pafupifupi 608 okha m'lifupi. Palibe chimene chadulidwa, inde, koma mtengo wa ndowa uja munthu amachita kutsinzinira kuti awerenge. Njira imeneyi ndimaisiyira zithunzi zopanda mawu.

Yachiwiri ndiyo yofuna kuifatsira. Mumapanga posita imodzi yaitali, koma mawu onse ofunika mumawaunjika pakati, kumwamba ndi kunsi n'kusiya thambo, munda kapena mtundu chabe. Masamu ake ndi awa. Posita yotalika 1920 ikadulidwa pakati kuti ikhale ya 1080 x 1350, ija imakhala bwino anthu akamayendayenda pa Facebook ndi Instagram, imataya 285 kumwamba ndi 285 kunsi. Ikadulidwa kukhala bokosi imataya 420 uku ndi 420 uku. Ndiye mawu akakhala pakati pa mzere wa 420 ndi wa 1500, kuwerenga kuchokera kumwamba, mpeni suwakhudza.

Koma kudulidwa ndi kuphimbidwa n'zosiyana, ndipo apa mpomwe ndinagwera. Pa malonda a Reels, Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook ndi Instagram, imalangiza kusiya magawo 14 pa 100 kumwamba, 35 pa 100 kunsi ndi 6 pa 100 mbali iliyonse. Pa 1920, magawo 35 amenewo ndi mapikiselo 672, kutanthauza kuti chilichonse chotsika kupyola mzere wa 1248 chili pangozi, ngakhale chili m'bokosi lathu lija. Malo otsala enieni ndi kuyambira 420 kufika 1248, kam'munda ka mapikiselo 828 basi. Mwa mayi aja munakwana mawu akuti "Kachewere wa ku Lizulu", mtengo ndi nambala, zilembo zili zonenepa. Koma yesani kulowetsamo khadi la chinkhoswe, la mayina a ankhoswe, mudzi, mfumu ndi ma T/A a mbali zonse ziwiri. Simukwana, ndipo mukakakamiza mwabwerera ku zilembo za nyerere.

Yachitatu ndi kupanga ziwiri: yaitali ya sitatasi ya WhatsApp ndi Reels, ina ya 1080 x 1350 ya pa tsamba, mawu n'kuwasanja mwatsopano pa iliyonse. Imadya nthawi, koma pa makhadi a mawu ambiri palibe kuchitira mwina. Pa pulogalamu yopangira maposita ya Canva, batani losinthira saizi la Resize ndi la olipira, ndipo ngakhale mutalipira mawu mumayenerabe kuwasuntha ndi dzanja, poti pulogalamu sidziwa kuti nambala ndiyo mwini nkhani. Osalipira timatsegula tsamba latsopano la saizi inayo n'kukoperamo zinthu. Ine ndimakonda pulogalamu ya pa foni ya PixelLab pa ntchito imeneyi chifukwa sifuna bandulo. Netiweki ikavuta kumapiri kuno ntchito siima. Chinthu chimodzi chokha: sungani ntchitoyo mawu asanamatirire ku chithunzi. Mukangotsala ndi JPG, nambala simungaisunthenso.

Ya pa tsambayo musaifikitse mawu m'mphepete. Kuyambira 2025 Instagram imaonetsa tizithunzi ta pa akaunti motalikirapo, 3:4, motero ya 1080 x 1350 imadyedwa pafupifupi 34 mbali iliyonse, pamene ya bokosi imadyedwa 135. Chilembo choyamba cha dzina la bizinesi chimapita choncho.

Kwa wogulitsa tomato, kabichi kapena kachewere, wa mawu ochepa, ndimasankha yachiwiri. Pa chinkhoswe, ukwati ndi msonkhano wa mpingo, yachitatu. Ndisanapereke ntchito ndimajambula kabokosi kofiira ka 950 x 828 pa posita yaitali, pakati pa mzere wa 420 ndi wa 1248, kusiya magawo 6 pa 100 aja mbali iliyonse, kuona ngati mawu onse alowa, n'kukachotsa. Kenako ndimaiika pa sitatasi yoti aone munthu mmodzi yekha wa kafoni kakang'ono, n'kumuuza kuti andiwerengere nambala.