Mankhwala ogwira fungo: amathandiza, koma sagwira mandimu tsiku lonse

Nyenyezi 4 pa 5.

Ndimasakaniza ndekha mafuta onunkhira, ndipo vuto linali pa amene ndimapanga ndi mandimu ndi lavenda: ukapopera m'mawa, pofika kuntchito fungo lathawa kale. Ndiye ndinagula timabotolo titatu timene wogulitsa amati ndi togwira fungo: galakisolaidi, ambulokisani ndi benzoini.

Galakisolaidi ndi masiki, mtundu wa zonunkhiritsa zokhalitsa, wopangidwa m'fakitale, fungo lake ngati la zovala zochapa kumene. Anabwera atasungunulidwa kale theka kwa theka, chifukwa payekha ndi wonanda kwambiri. Ambulokisani ndi timibulu toyera, ndinatisungunula mu etanolo, galamu imodzi m'magalamu 9. Benzoini ndi utomoni wa mtengo, woderako, wonunkhira motsekemera chakuvanila.

Poyamba m'magalamu 24 a etanolo ndinkathira magalamu 4 a mandimu ndi 2 a lavenda. Tsopano ndimathira 2.4 a mandimu, 1.2 a lavenda, 1.2 a galakisolaidi, 0.6 a ambulokisani wosungunula uja ndi 0.6 a benzoini wosungunulidwa theka. Ndikasiya botolo milungu ingapo, fungo limafika madzulo pakhungu, ndipo pakolala ya malaya limamvekabe mawa lake.

Koma chimene chimatsala madzulocho si mandimu ayi, ndipo apa ndi pamene ndachotsera nyenyezi, poti pepala la wogulitsa limalonjeza kuti fungo lonse likhala chimodzimodzi. Timamolekyu ta mandimu n'topepuka, timauluka msanga, ta galakisolaidi n'tolemera pafupifupi kawiri ndipo timachoka pang'onopang'ono. Zolemerazi zikasakanikirana ndi zopepuka zimazichedwetsako pang'ono kuuluka, basi. Ntchito yake yaikulu ndi kutsalira zinzake zitapita. Popereni kapepala, mukanunkhize pakatha ola: mandimu azilala, kwatsala kafungo kofunda ka masiki ndi utomoni.

Musamwazemo zambiri poganiza kuti mupindula. Zolemera zikachuluka fungo limagona pakhungu, munthu woima pafupi salimva, ndipo kuwawasa kwa mandimu kumaphimbika kuyambira pachiyambi pomwe. Benzoini ndiye woyenera kusamala naye: amadetsa mafuta, ndipo pa malaya oyera amasiya banga lachikasu. Kapampu ka botolo kamayambanso kumata ngati sanasungunuke bwino.

China, pali anthu amene mphuno zawo sizimva masiki ena. Mchemwali wanga galakisolaidi samumva n'komwe, moti amati mafutawa amatha msanga pamene ine ndikuwamva bwinobwino. N'chifukwa chake opanga mafuta amasakaniza masiki amitundu ingapo, ndipo paketiyi ili ndi mtundu umodzi wokha. Timabotolo tinafika totseka bwino, koma mulibe kodonthezera, ndipo pa miyeso yaing'ono ngati 0.6 mufunika sikelo yoyeza mpaka magalamu 0.01.