Imelo, WhatsApp kapena pepala losainirana: potsimikiza mtengo ndi masiku a ntchito

Ife amene timagwira ntchito zanthawi yochepa muno mu Mzuzu, monga kumasulira pamisonkhano, kujambula zithunzi kapena kubwereketsa galimoto, ntchito zambiri timazipeza pafoni kapena pokumana ndi munthu m'tauni, ndipo mtengo timagwirizana pakamwa. Vuto limabuka patsiku lolipira, pamene aliyense akukumbukira zake. Ine ndimamasulira Chingerezi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo bungwe lina linandilipirapo masiku atatu pamene ndinachoka pakhomo masiku anayi, chifukwa mkulu amene ndinalankhula naye sankawerengera tsiku laulendo, ndipo panalibe cholembedwa chimene ndikanamuonetsa. Kuyambira pamenepo ndayesa njira zitatu zotsimikizira zimene tagwirizana, ndipo mphamvu zake n'zosiyana.

WhatsApp ndi imene ambiri timathamangira, ndipo chifukwa chake n'chomveka: bandulo yake ndi yotsika mtengo, munthu amaona uthenga msanga, ndipo timizere tiwiri tabuluu timasonyeza kuti wawerenga, ngati sanatseke chizindikirocho. Koma monga umboni ili ndi mipata ingapo. Wotumiza akhoza kusintha mawu a uthenga wake mkati mwa mphindi 15, ndipo chimene chimatsala ndi liwu lakuti Edited lokha, osati mawu oyambirira. Akhozanso kuufufuta mbali zonse ziwiri pogwiritsa ntchito Delete for everyone kwa masiku pafupifupi awiri, ndipo ngati pamacheza anu payatsidwa mauthenga ozimiririka okha, zonse zimachoka pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90. Choopsa kwambiri pa zonsezi n'chakuti mauthengawo amakhala m'foni, moti foni ikabedwa kudepoti kapena ikagwera m'madzi musanasunge kope lake, mgwirizano wapita nayo. Palinso mfundo ina imene ambiri saiganizira: nambalayo ndi ya munthu, si ya bungwe, ndipo munthuyo akasiya ntchito, a ku ofesi ya zachuma sangalipire potengera chithunzi cha macheza a pafoni ya munthu amene anachoka.

Pepala losainirana ndi lamphamvu kuposa zonse, ndipo pantchito yaikulu kapena ya miyezi ingapo sindingalangize munthu kuyamba popanda ilo. Chovuta chake ndi nthawi. Ntchito ikabwera Lachisanu kuti iyambe Lolemba, ndipo wosainira ali ku Lilongwe, pepalalo limafika ntchito itatha kale.

Imelo ili pakati pa ziwirizi, ndipo ndi imene ndimaidalira pantchito za masiku ochepa. Ikangofika kwa wolandira, wotumiza sangaisinthe kapena kuichotsa m'bokosi la mnzakeyo. Pa Gmail mwayi wobweza ndi Undo sudutsa masekondi 30. Imasungidwa pa akaunti osati m'foni, choncho mungaitsegule pa kompyuta iliyonse ngakhale foni itatayika, ndipo imasonyeza tsiku, nthawi ndi adiresi ya aliyense amene anailandira. Mungathenso kuika munthu wachiwiri pa Cc, monga wowerengera ndalama wa bungwelo, kuti amene adzalembe malipiro aone mtengo ntchito isanayambe. Lamulo la dziko lino la mchaka cha 2016 loona za ntchito za pa intaneti limavomereza kuti uthenga wotumizidwa pa makina ukhale umboni, ndipo zimenezi zimakhudza imelo ndi WhatsApp yomwe. Kusiyana kwake kuli pa kuphweka koonetsa kuti uthengawo ndi wathunthu ndipo sunasinthidwe.

Komabe imelo imene mwatumiza inu nokha ndi theka chabe la umboni, chifukwa imangosonyeza zimene inuyo munamva. Imakhala yolimba mnzanuyo akayankha kuti wavomera. Apa ndi pamene imelo imafooka, pakuti anthu ambiri kuno satsegula bokosi lawo tsiku lililonse, ndipo uthenga wochokera ku adiresi yachilendo umatha kugwera mu Spam. N'chifukwa chake sindisiya WhatsApp, koma ndimaipatsa ntchito ya belu: ndikatumiza imelo ndimalemba mwachidule kuti, “Bwana, ndatumiza imelo ya zimene tinakambirana, chonde muione ndipo muyankhe pomwepo.” Akayankha pa WhatsApp kuti zili bwino, ndimathokoza ndi kupemphanso mwaulemu kuti mawu omwewo awalembe pa imelo.

Tiyerekeze kuti mwagwirizana pafoni kukamasulira pamaphunziro a masiku atatu ku Rumphi pamtengo wa K60,000 patsiku. Imelo iyenera kupita tsiku lomwelo, zokambiranazo zikadali m'mutu mwa onse awiri, ndipo mutu wake unene ntchito ndi masiku kuti idzapezeke mosavuta pofufuza. Mkati mwake mungalembe motere:

“Zikomo bwana chifukwa cha foni ya m'mawa uno. Ndalemba zimene tagwirizana kuti mundikonze ngati pali pamene ndamva molakwa. Ndidzamasulira ku Rumphi kuyambira Lachiwiri pa 14 Okutobala mpaka Lachinayi pa 16 Okutobala 2025, pamtengo wa K60,000 patsiku, zomwe ndi K180,000. Tsiku laulendo, Lolemba pa 13 Okutobala, lidzalipiridwa theka, K30,000, kotero zonse pamodzi ndi K210,000 msonkho usanachotsedwe. Mayendedwe ndi malo ogona ndi a bungwe. Malipiro adzalowa ku akaunti yanga yakubanki pasanathe masiku 14 chiperekereni invoisi. Ngati zili choncho, chonde yankhani kuti mwavomera pofika Lachisanu pa 10 Okutobala.”

Chiganizo chilichonse pamenepa chikutseka mpata umene mkangano umalowera. Mwezi ndaulemba m'mawu chifukwa 10/11 wina amawerenga kuti 10 Novembala pamene wina, amene kompyuta yake imatsata kalembedwe ka ku Amereka, amawerenga kuti 11 Okutobala. Dzina la tsiku nalonso limathandiza kuti cholakwa chioneke msanga. Mawu akuti msonkho usanachotsedwe ndi ofunika chifukwa mabungwe amadula msonkho wopita ku MRA asanakulipireni, ndipo ngati inu mumaganiza kuti K60,000 ndi yolowa m'thumba, mudzaona ngati mwaberedwa pamene iwo atsata lamulo; pemphaninso chikalata chosonyeza msonkho umene wadulidwa. Malire a masiku olipirira si mwano ayi. Amene anagwirizana mitengo ndalama ya kwacha isanatsitsidwe mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kudzalipidwa patapita miyezi, akudziwa chimene kuchedwa kumadya.

Zonsezi ndimazilemba m'thupi la imelo lenilenilo osati m'fayilo yomata, chifukwa munthu amene akuwerenga pafoni netiweki ikuvuta satsegula fayilo, ndiponso yankho lake limanyamula mawu anu pansi pake, moti mtengo ndi chivomerezo zimakhala patsamba limodzi. Masiku akasintha pambuyo pake, monga zimachitikira kawirikawiri, musayambe imelo yatsopano. Yankhani pa yomweyo, nenani tsiku lakale ndi latsopano, ndipo pemphaninso chivomerezo.

Tsiku limene munaika likafika popanda yankho, imbani foni musanakwere minibasi ya ku Rumphi, ndipo funsani mwachindunji ngati imelo yafika ndiponso ngati pali chiwerengero chimene sakugwirizana nacho. Kawirikawiri munthuyo amangokhala atatanganidwa, ndipo amayankha mukadali pafoni. Koma akanena kuti za tsiku laulendo mudzakambirana mukafika, dziwani kuti K30,000 ija sinavomerezedwe, ndipo muyenera kusankha mukadali mu Mzuzu ngati mupite pa K180,000 kapena ayi.