Kalata ya A4 pa netiweki yofooka: WhatsApp, Squoosh kapena Drive?

Chithunzi cha mwana kapena cha chitenje chimene mukufuna kugulitsa sichivuta, chifukwa ngakhale chitafika chozilala pang'ono, munthu amaona chimene chili. Vuto lili pa pepala lokhala ndi zilembo zing'onozing'ono: kalata ya abwana, risiti ya fizi, tsamba la pasipoti. Pamenepa tikufuna zinthu ziwiri zimene zimalimbana. Fayilo ikhale yopepuka kuti idutse pa netiweki ya m'nyumba ya malata ku Diepsloot, koma nambala iliyonse iwerengeke kwa wolandira.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi amene akuweruza mlandu wonsewu. Foni zambiri zimene tili nazo kuno ku Joni zimajambula chithunzi cha mapikiselo, kapena kuti timadontho topanga chithunzi, 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo chimalemera pakati pa 3 MB ndi 5 MB. Titenge cha 4 MB. Liwiro la netiweki limawerengedwa m'mabiti, ndipo baiti imodzi ndi mabiti 8, ndiye 4 MB ndi mabiti 32 miliyoni. Foni ikamaonetsa chilembo E pamwamba, kapena ikaonetsa 4G koma anthu atadzadza pa nsanja imodzi ya netiweki madzulo, liwiro lotumizira likhoza kutsika mpaka mabiti 100,000 pa sekondi. Pa liwiro limenelo chithunzicho chikufuna mphindi 5 ndi masekondi 20. Chithunzi chomwecho mutachichepetsa kufika pa 400 KB chikufuna masekondi 32 okha.

Kudikira mphindi zisanu si nkhani. Nkhani ndi yoti netiweki yofooka simakhala mphindi zisanu yosaduka, ndipo mawebusaiti ambiri ofunsira ntchito kapena malo a sukulu sapitiriza pamene panadukira. Zikaduka chatsala pang'ono kutha, mumayambiranso, deta imene yapita yapita. Masekondi 32 ndi mpata umene netiweki imatha kukupatsani ngakhale magetsi atazima ndipo nsanja yapafupi ikuyendera mabatire.

Mayi wina wa kumpingo kwathu, amene amagwira ntchito ya m'nyumba, ankafuna kulowetsa kalata yomuchitira umboni yochokera kwa abwana ake akale pa webusaiti ya bungwe lina lopezera anthu ntchito. Webusaitiyo inkalandira fayilo yosapitirira 500 KB. Kalatayo inali ya A4, ndipo pansi pake panali nambala ya foni ya abwanawo yolembedwa ndi bolopeni. Ngati nambalayo siwerengeka, kalata yonse ilibe ntchito. Tiyese njira iliyonse pa kalata imeneyi.

Imene anthu amathamangira ndi skirinishoti: kutsegula chithunzi pa foni n'kujambula sikirini. Fayilo imachepadi, koma foni zambiri zotsika mtengo zili ndi sikirini ya mapikiselo 720 m'lifupi, ndiye tsamba lonse limapanikizidwa m'menemo. Mutu wa kalata umawerengeka, koma 3 ndi 8 zimafanana. Njira iyi isiyeni. Musiyenso mawebusaiti ochepetsa zithunzi amene amafuna mutumize kaye chithunzi chanu kwa iwo, chifukwa 4 MB ija mwaitumizabe pa netiweki yomweyo, komanso mwapereka pepala lanu kwa anthu osawadziwa.

WhatsApp ndiye ofunika kukhalapo pang'ono, popeza ili ndi njira zitatu zimene zimachita zosiyana. Mukatumiza chithunzi mwachizolowezi, imachichepetsa yokha pafoni panu chisananyamuke, mbali yaitali n'kukhala mapikiselo pafupifupi 1600, ndipo kulemera kwake nthawi zambiri sikupitirira 300 KB. Tsamba la A4 ndi lalitali masentimita 29.7, amene ndi mainchesi 11.7. Ngati tsambalo ladzadza chithunzi chonse, inchi iliyonse ikulandira timadontho pafupifupi 137, ndipo zilembo za kalata wamba zimawerengeka bwinobwino. Koma ngati munajambula muli patali, tsamba n'kutenga theka la kutalika kwa chithunzi, kwinako kuli bulangeti ndi mwendo wa tebulo, ndiye kuti timadontho tatsika kufika pafupifupi pa 70. Apa ndi pamene achibale kumudzi amayankha kuti "sizikuoneka, tumizaninso". Wolakwa amaoneka ngati netiweki, chonsecho ndi kajambulidwe.

Batani la HD, limene linabwera mu 2023, limasiya mapikiselo ochulukirapo ndipo fayilo imakula. Pa risiti ya kubanki yozilala inki limathandiza, koma kukula kwake simungakulamulire. Njira yachitatu ndi Document, imene imatumiza fayilo mmene ilili osaikhudza. Anthu amaiyamikira chifukwa chithunzi chimafika choyera, koma chimafika ndi 4 MB yake yonse, ndipo wolandira ku Mangochi amene wagula kabandulo kakang'ono ka Airtel kapena TNM ndiye amalipira. Pali china chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri: ngati kamera yanu inaloledwa kulemba malo, Document imanyamula malo enieni amene munajambulira mkati mwa fayiloyo. Kutumiza mwachizolowezi kumachotsa zimenezi. Pepala lopita kwa munthu amene simunakumane naye lisamapite ndi adilesi ya kumene mumagona.

Mphamvu ya WhatsApp ndi kupirira. Netiweki ikaduka, uthenga umakhalabe mu macheza, ndipo chithunzi chikalephera chimaonetsa kamuvi koti mudine chiyesenso. Tiki imodzi yotuwa ikutanthauza kuti chachoka pafoni panu, ziwiri kuti chafika pafoni ya mnzanuyo. Mungathenso kuigwiritsa ntchito ngati makina ochepetsera: dzitumizireni nokha chithunzicho, kenako tengani kope lochepalo n'kulilowetsa pa webusaiti. Pa kalata ya mayi uja njira iyi ikanapereka fayilo yosapitirira malire a 500 KB popanda vuto. Kuipa kwake ndi koti mumalandira chimene WhatsApp yakonza, osasankha nokha.

Apa ndi pamene Squoosh imapambana, ndipo ndi imene ine ndimasankha pa pepala lililonse lofunika. Ndi tsamba laulere la akatswiri a Google limene linatuluka mu 2018, ndipo mumalitsegula mu Chrome polemba squoosh.app. Likusiyana ndi mawebusaiti ndakana aja chifukwa ntchito yonse imachitika mufoni mwanu, chithunzi sichipita kulikonse. Mukasankha chithunzi, yatsani Resize, ndipo ngati tsamba laimirira lembani 2000 pa Height, Width isintha yokha kukhala 1500. Pa mtundu wa fayilo siyani MozJPEG, amene ndi JPEG wamba wolandiridwa paliponse. Quality imayambira pa 75. Pansi pamaoneka kulemera kwa fayilo yatsopano, ndipo pakati pa chithunzi pali mzere wokoka umene umakuonetsani chakale mbali ina, chatsopano mbali inayo.

Pa kalata ija, chithunzi choyamba anachijambula usiku pansi pa babu, ndipo ngakhale atachichepetsa chonchi chinakanirira pamwamba pa 500 KB. Chifukwa chake n'choti kukakhala mdima kamera imadzaza chithunzi ndi timadontho tangati mchenga, ndipo JPEG imawononga malo posunga timadontho timeneto ngati kuti ndi zolemba. Mmawa anayala kalatayo pa bolodi pakhomo, pamthunzi koma powala, fulashi atazimitsa, diso la kamera atalipukuta ndi nsalu. Anagwira foni mopingasa bwino pamwamba pa pepala, m'mphepete mwa pepala mukungotsala kachala, n'kudina pa zilembo kuti kamera iloze pamenepo. Ndi 2000 ndi Quality ya 70, fayilo inatsika pansi pa 400 KB. Asanaisunge anakulitsa chithunzi pa nambala ya bolopeni ija n'kuiwerengera mwana wake mokweza, mwanayo akuyang'ana papepala. Umenewo ndiye muyeso weniweni. Mukaona timabokosi ndi chifunga mozungulira zilembo, mwatsitsa Quality mopitirira. Ikwezeni, ndipo ngati fayilo yakula, dulani m'mphepete mwa chithunzi m'malo mofinya zilembo.

Squoosh ili ndi zofooka zake. Kutsegula tsambali koyamba kumafuna deta wamba, bandulo ya WhatsApp yokha siitsegula, choncho ndi bwino kulitsegula kamodzi pamene pali Wi-Fi, kuntchito kapena kumolo. Pa foni yofooka limachedwa, nthawi zina kuima kumene, makamaka ngati munajambula chithunzi cha mapikiselo 50 miliyoni. Amene ali ndi Samsung angathe kuchepetsa mu Gallery momwemo, posankha kukonza chithunzi kenako Resize, ngakhale kuti kumeneko simusankha Quality. A iPhone aonetsetse kuti zithunzi zawo si za HEIC, mtundu umene mawebusaiti ambiri amakana. Kusintha kwake ndi Settings, Camera, Formats, Most Compatible.

Google Drive ndi yosiyana ndi zonsezi. Mukadina + kenako Scan, imapeza m'mphepete mwa pepala, kuliwongola, kuyeretsa mthunzi n'kupanga PDF, ndipo masamba angapo amalowa mu fayilo imodzi. Ngati akufuna PDF, kapena ndi kontirakiti ya masamba anayi, palibe yoiposa pa zimene ndatchulazi. Imapitirizanso kutumiza netiweki ikabwerera, inu mukuchita zina. Ikangoima n'kulemba kuti ikudikira Wi-Fi, zimitsani Transfer files only over Wi-Fi mu Settings. Koma sikupatsani mphamvu pa kulemera kwa fayilo monga Squoosh, ndipo kuyeretsa kwake nthawi zina kumafufuta chidindo chozilala kapena siginecha yopyapyala. Muziyang'ana chidindo musanasunge. Komanso kutumiza linki ya Drive kwa agogo kumudzi n'kuwapatsa ntchito ina, chifukwa bandulo yawo ya WhatsApp siitsegula.

Ndiye risiti yopita kwa mlongo wanu kapena kwa ahedi, jambulani pafupi n'kutumiza mwachizolowezi pa WhatsApp. Ya webusaiti yokhala ndi malire, Squoosh. Document muziigwiritsa ntchito mutachepetsa kale, pamenepo ndiye imakoma, chifukwa 400 KB yanu imafika osafinyidwa kachiwiri.

Pofika polowetsa pa webusaiti, musajambule kudzera pa batani la kamera la mu fomu. Foni yofooka imatseka Chrome kuti ipatse kamera malo, ndipo pobwerera mumapeza zonse munalemba zafufutika. Konzani fayilo kaye, muisankhe kuchokera mu Downloads. Tulukani panja pa malata kapena imani pawindo, ndipo ngati n'kotheka chitani m'mamawa nsanja isanadzadze. Sikirini isazime mpaka zithe. Mukaona uthenga wa 413 kapena File too large, musavutike kusaka netiweki, ndi fayilo imene yakula. Mukaona kuti zikungozungulira kenako timed out, netiweki ndiyo yaduka. Musanatumizenso, tsegulani tsambalo mwatsopano muone ngati dzina la fayilo lanu laoneka, chifukwa nthawi zina fayilo imakhala yafika ndipo chatayika ndi yankho lokha.