Puloti ya malemu: kugulitsa kapena kusiyira mmodzi?

Tinene kuti bambo amwalira osalemba wilo, asiya puloti ya mapepala ku Chalala ya K300,000, kubanki K100,000, ngongole K40,000. Ngongole iyambe yabwezedwa. Chogawana ndi K360,000. Lamulo la ku Zambia la 1989 lokhudza chuma cha omwalira opanda wilo limapatsa ana theka, K180,000, mkazi K72,000, makolo K72,000, ena odalira malemu K36,000.

Mukagulitsa, aliyense alandira zake, koma woyang'anira chuma ayambe wapeza chilolezo cha khoti, ndipo wogula akaona kuti mukufulumira amatsitsa mtengo.

Mayi akafuna kusunga pulotiyo, ayenera kupatsa enawo K228,000, poti kubanki kwatsala K60,000 basi. Azitenga kuti? Apa mpamene pamabuka mkangano. Ine ndingalole njirayi pokhapokha ndalamazo zilipo kale m'manja, osati za "ndidzalipira".