Kutentha thupi mukasiya kumwezi: kusintha makhalidwe kapena mapiritsi?

Mayi anzanga kuno ku Blantyre, Okutobala akafika, ambiri osiya kusamba sagona, thukuta kamukamu usiku wonse. Kwa amene sangalandire mankhwala a mahomoni ochepetsa vutoli, monga odwalapo khansa ya m'mawere, njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi yaulere. Valani zathonje zopyapyala, chepetsani tiyi wotentha wa ku Thyolo, tsabola ndi mowa, siyani fodya. Kuchepetsa kunenepa kumathandizanso. Kunena zoona, zambiri mwa izi zimangopeputsa, kutenthako kumabwerabe.

Yachiwiri ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala. Venilafakisini, opangidwira matenda a maganizo, amayambira pa mamiligalamu 37.5 patsiku, ndipo kusintha kumaoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Poyamba amachititsa nseru, ndipo mukawasiya mwadzidzidzi mumamva chizungulire. Gabapentini amagonetsa, choncho amayenera mayi amene vuto lake ndi usiku. Chenjezo lalikulu lili pa parokisetini, mankhwala enanso a matenda a maganizo: ngati mukumwa tamokisifeni, mankhwala a khansa ya m'mawere, parokisetini amafooketsa mphamvu yake, ndiye muuzeni dokotala.

Ine ndikanati, ngati mukugona bwino, yoyambayo ikukwanirani. Mukamasintha chitenje kawiri usiku uliwonse, pitani kuchipatala.