Kalata Yopita kwa Supavaiza: Yachidule Kapena Yatsatanetsatane?

Ndili kwathu ku Luchenza, ndinasintha mndandanda wa mabuku a kafukufuku wanga kuchoka ku kalembedwe ka Harvard kupita ku kalembedwe ka APA 7, monga yunivesite yathu imafunira. Kalata ndinalemba ziwiri.

Yachidule inangoti: "Adokotala, ndakonza mndandanda." Imatha msanga, koma iwo amayenera kufufuza okha chimene chasintha. Yanga inabwezedwa ndi mafunso.

Yatsatanetsatane imadya ola lathunthu. Ndinalembamo kuti: "Ndachotsa mizinda ya osindikiza mabuku, DOI iliyonse tsopano ikuyamba ndi https://doi.org/, ndipo m'kati mwa nkhani olemba atatu kapena kuposerapo ndawafupikitsa ndi et al." DOI ndi nambala yapadera yozindikiritsa nkhani pa intaneti, ndipo et al. amatanthauza "ndi ena". Ndinaulula kuti buku lina ndalisowera chaka. Anavomera tsiku lomwelo.

Yachidule ikuyenera amene wangokonza mipumiro. Ngati mwasintha kalembedwe konse, lembani yatsatanetsatane.